Mapiritsi Opanda Dzina M'katundu wa Malemu: Kalata Yopita ku Famase

Maliro akatha ndipo anthu akabalalika, limafika tsiku limene achibale amakhala pansi kuti aone katundu amene malemu asiya. Amatsekula sutikesi, amapisa m'matumba a jekete, amavundukula mphasa. Kawirikawiri pakati pa zovala ndi makalata akale pamapezeka mapiritsi, ena okulungidwa m'pepala, ena m'kachitini, ena m'kapulasitiki kamene zolemba zake zinafufutika kale. Palibe amene adziwa dzina lake. Wina amati ndi panado, tisunge adzatithandiza. Wina amati tiponye kudzala. Wina amangokhala chete, koma mumtima akudzifunsa ngati si mapiritsi omwewa amene anapha m'bale wake.

Mwezi uno tikambirana za njira yabwino yoposa zonsezi, ndiyo kulemba kalata kwa katswiri wa za mankhwala wa ku famase, kumene timalandirira mankhwala pa chipatala cha boma. Tiona zimene ziyenera kulembedwa m'kalatamo, zimene katswiriyo angathe kutsimikiza, ndiponso zimene sangathe. Ndifotokoza nkhani ya banja lina limene ndinalithandiza kulemba kalata yotere. Maina a anthu ndi a malo ndawachotsa.

Chifukwa chofunsira

Tiyambe ndi mfundo imene anthu ambiri amailakwitsa. Sitifunsa dzina la mapiritsi a malemu kuti tiwamwe. Ngakhale katswiri atatiuza dzina lake, mapiritsiwo ndi oti awonongedwe basi, pakuti sitidziwa tsiku limene mphamvu yake inathera, ndiponso analembedwa molingana ndi matenda ndi thupi la munthu wina.

Timafunsa pofuna kuteteza amoyo. Mankhwala amene munthu ankamwa amaulula matenda amene ankadwala, ndipo matenda ena amakhudza otsala pakhomo. Ngati anali a chifuwa chachikulu, onse ogona m'nyumbamo ayenera kuyezedwa. Ngati anali a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, abale a mimba imodzi ndi ana a malemu achita bwino kukayezetsa, popeza matendawa amakonda kuyenda m'mtundu. Timafunsanso kuti tidziwe kuopsa kwa chinthu chimene chiri m'nyumba mwathu, momwe ana akukwawa ndi kutola chirichonse.

Nanga kalata ndi yachiyani, osangopita kukafunsa pakamwa? Zipatala zazing'ono zambiri za kumidzi ziribe katswiri wa za mankhwala. Iye amapezeka ku chipatala chachikulu cha pa boma, ndipo pa windo lake pamakhala mzere wautali. Munthu akafika pa windopo amanena mawu awiri atatu, zambiri n'kuiwala. Kalata imasunga zonse mwadongosolo, ingathe kutengedwa ndi mlangizi wa za umoyo kapena dokotala wa pa chipatala chanu popita ku boma, ndipo katswiriyo amaiwerenga modekha atatha kugawa mankhwala.

Pali nthawi imodzi imene kalata siyenera kulembedwa konse. Ngati mwana kapena wamkulu wameza kale mapiritsiwo, thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo, mutatenga otsalawo ndi chimene munawapezamo. Musamsanzitse pompisa chala kukhosi kapena pommwetsa madzi a mchere. Musadikire kuti ayambe wadwala, chifukwa mankhwala ena amabisala. Munthu womwa panado wambiri angathe kuoneka bwino tsiku loyamba, koma chiwindi chake n'kuyamba kulephera patapita masiku awiri kapena atatu.

Zimene banja lija linapeza

Bambo wina wa zaka zoposa 60 ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya kutali ndi kwao. Anabwerera kumudzi ataonda, akutsokomola, ndipo pasanathe sabata ziwiri anamwalira. Mphwa wake, ndiye mwana wa mlongo wake wa malemu, potsekula sutikesi anapeza kachitini kodzaza mapiritsi osakanikirana. Nkhani inayamba kunong'onedwa pakati pa achibale yakuti mwina akazi a malemu ndiwo ankawapatsa mankhwala oipa. Mayiwo ankangolira, kunena kuti kachitiniko sanakaonepo chikhalire. M'nyumba momwemo munkagona adzukulu awiri, wina wa zaka 3 ndi wina wa zaka 7.

Mnyamatayo anandipeza pa sikelo ya ana atanyamula kachitiniko m'thumba la malaya. Ndisanamuuze za kalata, tinayamba tagwira ntchito yokonzekera, imene inunso mungaichite kwanu.

Kukonzekera musanalembe

Choyamba, musalawe piritsi ndi lilime, musaliphwanye, ndipo musalinyowetse. Yalani pepala loyera ndi louma pa tebulo masana kukuwala, ana ali kutali, ndipo khuthulirani mapiritsiwo pamenepo. Asuntheni ndi supuni youma, osati ndi zala za thukuta.

Pali fungo limodzi limene liyenera kukuimitsani pomwepo. Ngati potsekula mwamva fungo longa la adyo kapena la nsomba yoola, ndipo mapiritsiwo ndi aakulu, otuwa ngati phulusa kapena obiriwirako, amenewo si a anthu. Ndi aja ofukizira chimanga m'matumba pofuna kupha anankafumbwe. Piritsi limodzi limalemera magalamu 3, ndipo likakumana ndi chinyezi limatulutsa mpweya wakupha umene ulibe mankhwala ouchotsa m'thupi. Musanunkhize kachiwiri, musathirepo madzi. Tsekani, tulutsani m'nyumba yogona, ikani pamalo ouma ndi opita mphepo pamene mwana kapena chiweto sichingafike, ndipo kaitaneni mlangizi wa za ulimi kapena wa za umoyo. Oterewa sakwera nawo minibasi.

Ngati fungo limeneli palibe, patulani mapiritsiwo m'magulu, ofanana paokha, ndi kuwerenga gulu lirilonse. Kenaka tengani lula ya mwana wa sukulu, ikani piritsi limodzi pamwamba pake ndi kuona kuti likukwana mamilimita angati. Mawu akuti "laling'ono" sathandiza, chifukwa chaching'ono kwa inu chingakhale chachikulu kwa wina. Koma mukalemba kuti mamilimita 7, aliyense amva chimodzimodzi. Yang'anani mbali zonse ziwiri mutalipendeketsa ku dzuwa, pakuti zilembo ndi manambala odindidwa amaoneka bwino kuwala kukachokera m'mbali. Onaninso ngati pali mzere wodulira pakati. Ngati pali wina ali ndi foni yojambula, ajambule mbali zonse ziwiri piritsi liri pa lula pomwepo.

Pomaliza funafunani mapepala. Kabuku ka kuchipatala ka malemu, kakhadi kalikonse kokhala ndi nambala, katoni yong'ambika, ngakhale kachidutswa ka pepala lonyezimira limene mapiritsi amamatidwamo, zonsezi ndi umboni woposa mapiritsi eni ake. Pa pepala lonyezimiralo ndi pamene opanga amalemba dzina, mphamvu ndi tsiku lothera ntchito. Musataye kapena kutsuka chimene munapezamo mapiritsi.

Kalata yake

Titachita zimenezi, mnyamata uja analemba motere, atayamba ndi dzina la mudzi wake, mfumu yake ndi tsiku:

Kwa Mkulu wa ku Famase,
Chipatala cha Boma.

Bambo,

PEMPHO LOTI MUTITHANDIZE KUZINDIKIRA MAPIRITSI A MALEMU

Ndine mphwa wa malemu amene dzina lawo liri pa kabuku kamene ndatumiza pamodzi ndi kalata ino. Malume angawa anatisiya sabata yatha, ali ndi zaka zoposa 60. Anamwalirira pakhomo atangobwera kumene kuchokera ku ntchito. Ankatsokomola, anali ataonda, ndipo usiku ankatuluka thukuta. Akazi awo akuti mkodzo wawo unkaoneka wofiira masiku oyamba atabwera.

M'sutikesi mwawo tapeza kachitini kopanda dzina, ndipo m'menemo muli mapiritsi a mitundu itatu. Ndawapatula m'maenvulopu atatu.

Envulopu 1: mapiritsi 27, aakulu, atali ngati nyemba, pafupifupi mamilimita 20, ofiirira moderako, osalala kunja.

Envulopu 2: mapiritsi 23, oyera, ozungulira, mamilimita 7, okhala ndi mzere pakati, opanda chilembo.

Envulopu 3: mapiritsi 9, oyera, ozungulira, mamilimita 13, okhala ndi mzere pakati, opanda chilembo. Awiri ayamba kufumbutuka.

Kachitiniko sikanunkha kanthu. Palibe amene wamwako mapiritsiwa. Tapezanso kabuku kawo ka kuchipatala ndi kakhadi kena kokhala ndi nambala kamene kanali m'thumba la jekete, zonse ndatumiza. Sitidziwa ngati ankagulanso mankhwala ena pa msika.

M'nyumba mwawo mumagona akazi awo ndi adzukulu awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 7. Wamng'onoyo wayamba kutsokomola.

Tikupempha mutiuze zinthu zitatu. Kodi mapiritsiwa ndi a matenda anji? Kodi pali chimene otsala ayenera kukayezetsa? Nanga mapiritsiwa tichite nawo chiyani? Sitikufuna kuwamwa. Yankho mungapatsire mlangizi wa za umoyo amene wabweretsa kalatayi.

Ndatha ine wanu,
Mphwa wa malemu.

Onani kuti kalatayi ndi yaifupi, ndipo mulibe mawu ongoganizira. Mnyamatayo ankafuna kulemba kuti a mu envulopu 3 ndi panado, koma ndinamletsa. Mukatchula dzina limene simukulidziwa, mumasokeretsa maganizo a wokuthandizaniyo. Lembani zimene maso aona. Ankafunanso kulembamo za mphekesera zokhudza akazi a malemu. Zimenezonso tinazisiya, popeza famase si bwalo la milandu.

Onaninso kuti analemba za mkodzo wofiira, chinthu chimene ambiri akadachita nacho manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Monga tione posachedwa, mawu amenewa anathandiza kwambiri. Analembanso za anthu ogona m'nyumbamo ndi misinkhu yawo, pakuti iwo ndiwo eni ake a phindu la kalatayi.

Mapiritsi satumizidwa pa positi, ndiponso sapatsidwa mwana kapena munthu wongodutsa kuti akapereke. Matani maenvulopuwo, lembanipo manambala ndi kuchuluka kwake, ndipo aperekeni m'manja mwa wa za umoyo, kapena mupite nawo nokha. Kabuku ka malemu katsekereni m'envulopu yakeyake kuti asawerenge aliyense.

Yankho la katswiri

Patapita masiku owerengeka yankho linabwera, koma silinatchule matenda. Linangoti akazi a malemu abwere pamodzi ndi mphwa uja ndi ana awiri aja, ndipo asachedwe. Mnyamatayo anakhumudwa, koma ndinamfotokozera kuti chinsinsi cha wodwala sichitha iye akamwalira. Kalata imadutsa m'manja ambiri, ndipo wa chipatala sangalembe matenda a munthu pa pepala loti liwerengedwe pabwalo. Amauza wachibale weniweni pamaso, ndipo amanena zokhazo zofunika poteteza amoyo. Inunso mukayankhidwa chotere musaone ngati akukanizani.

Atafika, katswiriyo anayala maenvulopu atatu aja, ndipo pa iriyonse anapereka yankho la mtundu wake. Mayankho atatuwa ndiwo phunziro lalikulu la nkhani ino.

Envulopu yoyamba: "Ndikutsimikiza"

Mapiritsi ofiirira aja anafanana ndi a chifuwa chachikulu amene odwala amamwa pa miyezi iwiri yoyamba. M'piritsi limodzi lotere mumakhala mankhwala anayi ophatikizidwa, ndipo amodzi mwa iwo, otchedwa rifampisini, amasandutsa mkodzo kukhala wofiira ngati madzi a olenji. Zimenezi zinagwirizana ndi mawu a mayi aja. Komabe kufanana kwa maonekedwe ndi mtundu wa mkodzo sizinali zokwanira. Chimene chinatsimikiza ndi kakhadi kaja. Nambala yake inali ya m'kaundula wa odwala chifuwa chachikulu, ndipo woyang'anira matendawa pa chipatalapo ataimbira anzake a kufupi ndi esiteti ija, anapeza kuti malemu analembedwa kumeneko ndipo anali atangoyamba kumene mankhwala.

Apa kuwerenga kuja kunagwira ntchito. Malemu analandira mapiritsi 42, oti azimwa atatu pa tsiku kwa masiku 14. Anamwalira patapita masiku 12. Akadamwa mwa ndondomeko akadatha mapiritsi 36, n'kutsala 6. Koma m'kachitini munapezeka 27, kusonyeza kuti anamwa 15 okha, ndiwo a masiku asanu. Sabata yonse yomaliza sanamwe kanthu. Zikuoneka kuti anawatulutsa m'mapepala ake onyezimira pofuna kubisa dzina, kuti apabanja asadziwe chimene akudwala. Mapiritsi amenewa sachedwa kuyamwa chinyezi akachotsedwa m'mapepala ake, ndiye chifukwa chake amamatidwa lirilonse palokha.

Munthu wa chifuwa chachikulu cha m'mapapo amapatsira ena potsokomola, makamaka asanayambe mankhwala kapena akawasiyira panjira. Motero onse atatu a m'nyumba muja anayezedwa. Mayi aja ndi mdzukulu wamkulu anapezeka alibe matenda. Wa zaka 3 anapezeka nawo, ndipo anayamba mankhwala. Ana osakwana zaka 5 ndiwo ali pangozi yaikulu, pakuti mwa iwo matendawa angathe kufalikira msanga mpaka ku ubongo. Ngakhale mwana wotere apezeke alibe matenda, amapatsidwa mankhwala omuteteza ngati wakhala nyumba imodzi ndi wodwala. Chikhala kuti kachitini kaja kanaponyedwa kudzala, mwanayu akadangomwetsedwa mankhwala a chifuwa a pa golosale kufikira atafooka.

Envulopu yachiwiri: "Ndikuganizira"

M'kabuku ka kuchipatala munalembedwa kuti malemu anapezeka ndi matenda a shuga zaka ziwiri zapitazo, ndipo anapatsidwa mapiritsi otchedwa gilibenikalamaidi a mamiligalamu 5. Katswiriyo anati timapiritsi toyera tija tingathe kukhala timeneti, koma anakana kutsimikiza, popeza panalibe chilembo, ndipo alipo mankhwala ambiri a mtima, a kuthamanga kwa magazi ndi a khunyu amene ali oyera ndi aang'ono chimodzimodzi. Kabuku kamanena zimene munthu analemberedwa. Sikanena kuti piritsi iri ndi lomwelo.

Ngakhale zinali zongoganizira, chenjezo lake linali lolimba. Mankhwala a shuga a mtundu umenewu amatsitsa shuga wa m'magazi, ndipo piritsi limodzi lokha lingathe kuika mwana wamng'ono pangozi. Amayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kufooka ndi kusokonezeka mutu, kenaka amakomoka kapena kugwa ngati wa khunyu. Zimenezi zingayambe patapita maora angapo, ndipo zingabwerenso ngakhale mwana ataoneka kuti watsitsimuka. Ngati akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga muli pa ulendo wa ku chipatala. Ngati wakomoka musamthire kanthu m'kamwa, mgonekeni cham'mbali ndi kufulumira naye. Kuchepa kwa piritsi sikusonyeza kuchepa kwa mphamvu. Kawirikawiri timapiritsi tating'ono ndito toopsa, chifukwa mankhwala amphamvu safuna malo aakulu.

Katswiriyo anawauzanso kuti shuga amafooketsa chitetezo cha thupi, kotero kuti odwala shuga amagwidwa chifuwa chachikulu mosavuta kuposa anzawo. Analangiza alongo ake a malemu ndi ana awo kuti akayezetse shuga.

Envulopu yachitatu: "Sindingathe"

Awa ndi aja amene aliyense ankati ndi panado. Katswiriyo anatenga mapiritsi atatu a m'famase mwake, panado wa mamiligalamu 500, bakitirimu ndi fansida, nawaika pambali pa a malemu. Onse anali oyera, ozungulira, okhala ndi mzere pakati, ndipo kukula kwake kunali kosasiyana kwenikweni. Anafunsa mphwa uja kuti aloze panado ataphimba zilembo, ndipo iye analephera. Bakitirimu ndi fansida ali ndi mankhwala otchedwa salifa, amene anthu ena sayanjana nawo. Khungu limatuluka matuza ndi kusupuka ngati lapsa ndi moto, m'kamwa ndi m'maso mumachita zilonda, ndipo ena amafa nazo. Munthu amene anauzidwa kuti asamamwe bakitirimu angathe kummeza akuyesa panado.

Tsono yankho lakuti "sindingathe" lisakukhumudwitseni. Ndi yankho la munthu wodziwa ntchito yake. Amene muyenera kumuopa ndi uja wa pa msika amene amangoyang'ana kamodzi n'kutchula dzina.

Chifukwa chake maso sakwanira

Mankhwala amodzi omwewo amapangidwa ndi makampani ambiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo kampani iriyonse imasankha mtundu, kukula ndi chidindo chake. Amene mwalandira mwezi uno angathe kukhala oyera, a mwezi wamawa achikasu, koma mankhwala ake ndi amodzi. Komanso mankhwala awiri osiyana kotheratu angathe kufanana ngati mapasa. Chinyezi ndi kutentha zimasinthanso mtundu wa piritsi ndi kufufuta zilembo. Palinso mankhwala achinyengo, opangidwa dala kuti afanane ndi enieni. M'chaka cha 2017 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi alionse ndi achinyengo kapena osakwanira mphamvu. Motero ngakhale chidindo chimangolozera njira. Chimene chimatsimikiza ndi kugwirizana kwa piritsi, pepala lake, ndi zolembedwa ku chipatala.

Ena amafunsa kuti bwanji osangowapima ku labotale. Kupima kotere kulipo, koma sikuchitika pa chipatala cha pa boma. Makina oyezera magazi ndi makhololo sapima mapiritsi. Kumafuna zipangizo zapadera ndi ndalama zambiri, ndipo kumachitika makamaka pofufuza ubwino wa mankhwala olowa m'dziko kapena pa milandu ya apolisi. Kuno ku Malawi udindo woyang'anira mankhwala ndi ogulitsa ake uli m'manja mwa bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2019. Katswiri wa ku famase akakayika kuti mankhwala ena ndi achinyengo, ndiye amene amadziwitsa bungweli. Pa mapiritsi 9 oti awonongedwa kale, kupima sikukadasintha kanthu.

Zimene kalata singayankhe

Mphwa uja anafunsa funso limene linamvutitsa kuyambira pachiyambi, lakuti kodi mapiritsiwa ndiwo anapha malume ake. Katswiriyo anayankha kuti iye angathe kunena za mankhwala, koma chimene chinapha munthu chimadziwika ndi dokotala wopima mtembo. Ngati banja liri ndi chifukwa chenicheni chokayikira imfa, njira yake ndi ya ku polisi, ndipo mapiritsiwo ayenera kusungidwa monga anapezekera, osapatulidwa, kufikira apolisi atawaona. Kupeza mapiritsi m'sutikesi si umboni wakuti wina analakwa.

Pa banja iri, zimene zinapezeka zinali zokwanira kuziziritsa mitima. Kaundula anasonyeza kuti malemu analandira okha mankhwala aja ali ku ntchito, akazi awo ali kumudzi. Mphwayo, atapempha chilolezo kwa mayiwo, anakafotokozera akuluakulu a banja, ndipo manong'onong'o aja anatha.

Kumene mapiritsi amathera

Maenvulopu onse atatu anatsala ku famase kuti awonongedwe pamodzi ndi mankhwala ena otha ntchito. Imeneyi ndiyo njira yoyenera. Kudzala amatoledwa ndi ana, nkhuku ndi nkhumba. Mu mtsinje kapena pafupi ndi chitsime amaipitsa madzi akumwa. Pa moto wophikira sapsa bwino, ndipo utsi wake mumaupuma ndinu. Kugawira mnansi amene akutsokomola ngati malemu ndiko koipitsitsa, pakuti mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi moyang'aniridwa ndi a chipatala, ndipo kumwa ochepa chabe kumazoloweretsa tizirombo kotero kuti mankhwalawo sadzagwiranso ntchito. Poyembekezera tsiku lopita ku chipatala, atsekereni m'bokosi la loko, kiyi akhale ndi munthu mmodzi wamkulu.

Phunziro lina ndi la ife amene tikumwa mankhwala lero. Asiyeni m'pepala kapena m'botolo limene munalandiriramo, musasakanize mitundu iwiri pamodzi, ndipo zolemba zikayamba kufufutika pemphani a ku famase akulembereninso. Pakhale munthu mmodzi pakhomo amene adziwa chimene mukumwa ndi kumene kabuku kanu kamakhala. Bambo uja akadauza akazi ake, iwo akadamkumbutsa kumwa mankhwala sabata yomaliza ija, ndipo mdzukulu wake akadayezedwa msanga.

Ngati kwanu kuli kachitini kapena kapepala ka mapiritsi a malemu kamene mwakhala mukusunga, katengeni lero ndi kukatsekera. Patulani, werengani, yezani ndi lula, funani kabuku, ndipo lembani kalata monga taonera. Ngati kulemba kukuvutani, bwerani nazo pa tsiku la sikelo. Mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu adzakhala nanu pansi ndi kulemba nanu limodzi.